KALABU YAPINDULA KAPENA YAGWA? KUŴERENGA NDALAMA ZA CHAKA

Pa msonkhano wa kutha kwa chaka, msungichuma wa kalabu ya mpira amaimirira ndi buku lake naŵerenga ndalama zonse zimene analandira ndi zimene analipira. Buku limeneli limanena zoona, koma limayankha funso limodzi lokha, lakuti m'thumba mwatsala zingati. Silinena ngati kalabu yadzidyetsa yokha m'chaka chimenecho. Pofuna kudziŵa zimenezi, msungichuma ayenera kusandutsa buku la zolandira ndi zolipira kukhala akaunti ya zopeza ndi zowononga, imene imaŵerenga za chaka chimodzi chokha, kaya ndalamazo zagwiridwa m'manja kaya ayi.

Nachi chitsanzo. Kalabu ina ili ndi mamembala 40, ndipo aliyense amasonkha K5,000 pa chaka. Chaka chinayamba m'thumba muli K30,000. Msungichuma analandira K190,000 ya masonkhedwe ndi K110,000 ya pakhomo pa maseŵero. Analipira K120,000 ya maulendo, K50,000 ya lendi ya bwalo, nagulanso njinga ya kalabu pa mtengo wa K150,000. M'thumba munatsala K10,000 yokha. Mamembala atamva zimenezi anayamba kung'ung'udza, ena nkumakayikira msungichuma, poti thumba latsika ndi K20,000.

Choyamba, ndalama zoyambira chaka ndi zotsekera chaka siziloŵa konse m'akaunti yatsopanoyi. K30,000 ija inapezedwa m'zaka za m'mbuyo, ndipo kuiŵerenganso ndiko kukolola munda umodzi kaŵiri.

Chachiŵiri ndi masonkhedwe, ndipo apa ndi pamene asungichuma ambiri amaphunthwa. Pofufuza malisiti kunapezeka kuti mwa K190,000 ija, K15,000 inachokera kwa anthu atatu amene anali kubweza ngongole ya chaka chatha, ndipo K10,000 inachokera kwa aŵiri amene analipiriratu za chaka chamaŵa. Zonsezi si za chaka chino, motero zichotsedwe, ndipo patsala K165,000. Koma panalinso mamembala 7 amene sanasonkhe, ndipo K35,000 yawo ndi ya chaka chino ngakhale sinafike m'manja. Ikawonjezedwa, masonkhedwe a chaka akwana K200,000. Njira yotsimikizira ndi yapafupi: mamembala 40 posonkha K5,000 aliyense ayenera kukwanitsa K200,000 yomweyo. Ziŵerengero ziŵirizi zikasiyana, ndiye kuti pali lisiti limene laikidwa m'chaka cholakwika, kapena dzina limene laiŵalika m'kaundula.

Chachitatu, zowononga nazo zitsate lamulo lomwelo. Lendi ya bwalo ndi K5,000 pa mwezi, ndiye kuti K60,000 pa chaka. Kalabu inalipira miyezi khumi yokha, koma inaseŵera pa bwalopo miyezi yonse. Choncho m'akauntimo mulembedwe K60,000, ndipo K10,000 yosalipidwayo ikhale ngongole ya kalabu.

Chachinayi ndi njinga. Ndalama za maulendo zinatha pamodzi ndi maulendowo, koma njinga ikadalipo ndipo idzagwira ntchito zaka zingapo. Nkosayenera kusenzetsa chaka chimodzi mtengo wake wonse. Komiti ikaganiza kuti njingayo idzakhala zaka zisanu, igaŵe K150,000 pasanu, ndipo chaka chilichonse chisenze K30,000 monga kutha kwa katundu. K120,000 yotsalayo ilembedwe pa mndandanda wa chuma cha kalabu.

Tsopano zonse ziikidwe pamodzi. Zopeza ndi K200,000 ya masonkhedwe ndi K110,000 ya pakhomo, pamodzi K310,000. Zowononga ndi K120,000 ya maulendo, K60,000 ya lendi ndi K30,000 ya kutha kwa njinga, pamodzi K210,000. Kalabu ija imene inaoneka ngati ikugwa yapeza K100,000 kuposa zimene inawononga. Popeza kalabu si sitolo, ndalama zapamwambazi sizigaŵidwa kwa mamembala ngati phindu la malonda, koma zimawonjezedwa ku chuma cha kalabu.

Komabe komiti ichenjere, pakuti K100,000 imeneyi siili m'thumba. Mbali yaikulu yakhala njinga, ndipo K35,000 ikadali m'matumba a mamembala 7 aja. Kalabu kaŵirikaŵiri ilibe mphamvu yokakamiza munthu amene watopa ndi mpira kuti alipire. Ngati ena mwa iwo anasamuka kapena anasiya, ngongole yawo ifafanizidwe ndipo zapamwambazo zitsike molingana. Pa chifukwa chimenechi makalabu ena saŵerengera konse masonkhedwe osalipidwa kufikira tsiku limene alandiridwa. Njira iliyonse imene komiti yasankha, iitsate chaka ndi chaka, kuti zaka zithe kufanizidwa.

Msungichuma wanzeru tsono amalemba pa lisiti lililonse chaka chimene ndalamazo zikulipirira, pa tsiku lomwe wazilandira. Akatero, pa msonkhano amaŵerenga mapepala onse aŵiri: loyamba lotsimikiza kuti K10,000 ilipodi, lachiŵiri loonetsa ngati masonkhedwe a K5,000 akukwanira kuyendetsa kalabu chaka chamaŵa.