Paipi ikamatuluka thukuta, ivekeni malaya

M'nyengo ya dzinja, mukalowa m'bafa munthu atangosamba madzi otentha, mutha kupeza paipi ya madzi ozizira ili ndi timadontho ponseponse, pansi patanyowa. Ambiri amathamangira kuitana pulambala poganiza kuti paipi yaboola. Nthawi zambiri paipiyo imakhala ili bwinobwino. Madziwo sakuchokera m'kati mwake, akuchokera mu mpweya, monga zimachitikira pa botolo la chakumwa lomwe langotuluka m'fuliji.

Mpweya wofunda umasunga nthunzi yambiri kuposa wozizira. Tiyerekeze kuti m'bafamo mukutentha madigiri 30 ndipo chinyezi chafika 80 peresenti. Chilichonse chozizira kuposa madigiri 26 chiyamba kugwira mame. Tsono ngati madzi akuchokera pansi pa nthaka ali pa madigiri 22, paipi yachitsulo kapena yakopa inyowa basi. Yapulasitiki imachedwerapo, koma nayonso imachita.

Musanagule chilichonse, tsimikizani kaye. Pukutani paipi yonse ndi nsalu youma, muyang'anitsitse. Yoboola imayamba kunyowa malo amodzi, kawirikawiri polumikizira, ndipo imadontha usana ndi usiku. Thukuta limabwera paliponse nthawi imodzi, makamaka wina akangotsegula mpope, ndipo limatha kukakhala kouma. Mita nayo imaulula: tsekani mipope yonse, ikamayendabe ndiye kuti penapake pakutaya madzi. Onaninso thanki ya chimbudzi, chifukwa ikamangotsanulira madzi osaleka, paipi imakhala yozizira tsiku lonse.

Mankhwala ake ndi kuikuta paipi kuti mpweya wonyowa usaikhudze. M'mashopu a zipangizo za mipope ndi mafuliji mumapezeka timachubu ta labala wofewa wosamwa madzi, ngati tomwe amakutira mapaipi a makina oziziritsa m'nyumba. Gulani tofanana ndi kukula kwa paipi yanu, kaya ndi ya mamilimita 15 kapena 22, ndipo m'chipinda chonyowa kwambiri labala wokhuthala mamilimita 13 ndi wabwino kuposa wa 9. Umitsani paipi, ng'ambani chubu m'litali, chivekeni, kenako matani mng'aluwo ndi guluu kapena tepi.

Pomata mpomwe ntchito imaonongekera. Mukasiya kampata pokhota, pamphanda kapena pafupi ndi valavu, mpweya umalowa, madzi nkumasonkhana m'kati mwa labala momwe simungawaone. Paipi yachitsulo imayamba dzimbiri mwakachetechete, siling'i nkuchita mawanga, khoma nkuchita chuku. Ndiye pokhota paliponse dulani labala mopendeketsa kuti nsonga zikumane bwino, ndipo pomangirira musafinye kwambiri, chifukwa labala akaphwatalala satetezanso.

Ndikupemphani, musakulunge paipi ndi zigamba kapena masaka. Zimamwa madziwo, nkukhala zonyowa nthawi zonse, ndipo dzimbiri limafulumira kuposa paipi ikanakhala yosavala. Mukamaliza, patsiku lachinyezi gwirani labalayo kunja. Akakhala wouma, ntchito yatheka. Akanyowa thupi lonse, ndi wopyapyala, onjezerani wina pamwamba, komanso muzitsegula zenera mukatha kusamba kuti nthunzi izituluka.