Chiwongoladzanja cha Banki Yaikulu: Chimatipeza Kudzera Kuti?

Kumayambiriro kwa 2023 chiwongoladzanja chimene banki yaikulu ya Reserve imabwereketsera mabanki ena chinali 18 peresenti. Pofika mu Febuluwale 2024 chinali pa 26. Cholinga chinali choti mitengo ya zinthu isiye kuthamanga. Komatu banki yaikulu siigulitsa sopo kapena shuga. Chiganizo chake chimafika pamsika kudzera m'njira zinayi, ndipo kuno kwathu njirazi mphamvu zake n'zosiyana kwambiri.

Yodziwika bwino ndi ya chiwongoladzanja chenichenicho. Tinene kuti mwini chigayo ali ndi ngongole ya K10 miliyoni, ndipo banki yake yamuwonjezera 8 peresenti yonseyo. Pachaka alipira K800,000 yapamwamba. Zogula chigayo chachiwiri aziiwala kaye, ndipo ndalama zoyenda m'dziko zichepa. Vuto ndi loti obwereka kubanki ndi ochepa. Mayi wa mandasi amadalira banki m'khonde kapena katapila, komwe za 26 peresenti sazilabadira n'komwe.

Njira ya ngongole imafanana nayo, koma si imodzi. Yoyamba ija imadulitsa ngongole, iyi imaisowetsa. Chiwongoladzanja chikakwera, banki imaona kuti kubwereketsa boma n'kwa phindu komanso kosadetsa nkhawa. Wabizinesi wamng'ono akapempha K10 miliyoni amam'patsa theka, kapena kum'funsa chikole cha nyumba ya mapepala. Ngakhale atalola kulipira chiwongoladzanja chokwera, amabwerera chimanjamanja. Chizindikiro chake n'chomwecho: boma likubwereka mochuluka pamene amalonda akukanizidwa.

Koma imene imaluma aliyense, wa ku Ndirande ndi wa ku Chitipa yemwe, ndi ya mphamvu ya kwacha. Mu Novembala 2023 dola inachoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Katundu wa madola 50, amene ankafika ndi K59,000, anayamba kufika ndi K85,000. Mafuta, feteleza ndi mankhwala timaitanitsa kunja, ndiye mafuta akakwera minibasi imakwera, tomato wa ku Jenda nayenso amatsatira. Za ngongole zimatenga miyezi kuti zimveke. Izi zimamveka m'masabata ochepa. M'mayiko olemera, kukweza chiwongoladzanja kumakopa ndalama zakunja n'kulimbitsa ndalama ya dzikolo. Kuno ulalo umenewu ndi wofooka, chifukwa madola athu amachokera ku fodya, tiyi, shuga ndi thandizo la mayiko ena. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene dzanja la banki yaikulu limafupika.

Ya mitengo ya masheya ndi nyumba ndiyo yaing'ono kwambiri. Ku America masheya akagwa, mabanja ambiri amaona kuti chuma chawo chaphwa, n'kuchepetsa zogula. Pamsika wathu wa masheya ku Blantyre makampani sakwana ngakhale 20, ndipo Amalawi ambiri chuma chawo chili m'munda, m'khola ndi m'nkhokwe. Mtengo wa chimanga cha m'nkhokwemo umamvera mvula kuposa chiwongoladzanja.