Kusanthula zimene aphunzitsi anena pa kafukufuku

Wofufuza akacheza ndi aphunzitsi khumi ndi awiri, aliyense kwa ola limodzi, amabwerera ndi mawu ojambulidwa a maola 12. Kulemba ola limodzi liwu ndi liwu kumatenga maola anayi kapena kuposerapo, ndipo pomaliza amakhala ndi mulu wa masamba. Lipoti lake lidzangofotokoza mfundo zitatu kapena zinayi. Njira imene ambiri amatsata pochoka pa mulu wa masambawo kufika pa mfundozo anaifotokoza Virginia Braun ndi Victoria Clarke mu 2006, ndipo ili ndi magawo asanu ndi limodzi. Pano tiona magawo a pakati, amene ambiri amalakwitsa.

Tiyerekeze kuti aphunzitsiwa ndi a Sitandade 1, ndipo afunsidwa za kuphunzitsa kuwerenga m'makalasi odzaza, vuto lomwe linakula kuno ku Malawi kuchokera pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994. Wofufuza amayamba wachotsa mayina a anthu ndi a sukulu, n'kuika M1, M2, M3. Kenako amawerenga zonse kawiri asanayambe kuika zizindikiro.

Akatero amayenda mzere ndi mzere, ndipo paliponse pamene pali ganizo amalemba chizindikiro m'mphepete, mawu ochepa onena zimene zili pamenepo. M2 wati, "Ndikamachonga makope ndimayamba ndi a kutsogolo, belu likalira ena amapita osaonedwa." Chizindikiro chake n'chakuti makope ena sachongedwa. M5 wati, "Ana ena ndimangowadziwa nkhope, mayina ndimaonera m'kaundula." Apa amalemba kuti mphunzitsi sadziwa ana onse. M9 wati, "Akamawerenga onse pamodzi zimamveka bwino, koma ukamuimiritsa yekha amangoti duu." Apa amalemba kuti kuwerenga kwa gulu kumabisa osadziwa. Chizindikiro chabwino chimamveka ngakhale mawu a mphunzitsi utawaphimba. Chongoti "ana" kapena "mavuto" n'chopanda ntchito, chifukwa chikhoza kukhala pa tsamba lililonse.

Ena amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga NVivo kapena ATLAS.ti, ena timapepala ndi zolembera zamitundu. Pulogalamu imathandiza kusunga ndi kusonkhanitsa zomwe munthu waika. Kuganiza ndi kusankha zizindikiro kumakhalabe kwa wofufuza.

Zizindikiro zikachuluka, amazidula n'kuziyala patebulo, kuona zimene zikugwirizana. Chapafupi n'kuika zitatu zija pansi pa mutu wakuti "Mavuto a kalasi yodzaza". Vuto la mutuwu n'lakuti ukungobwereza funso limene anafunsa, ndipo owerenga saphunzirapo chatsopano. Akayang'anitsitsa, aphunzitsi atatuwa akunena chinthu chimodzi ngakhale wina akukamba za makope, wina za mayina, wina za kuwerenga: mwana wotsalira m'mbuyo saonekera kwa mphunzitsi. Imeneyo ndiyo mfundo yaikulu, chifukwa ikunena chinachake chimene munthu angavomereze kapena kutsutsa. Dandaulo la M7 lakuti nyumba ya aphunzitsi imadontha n'loona ndithu, koma silikugwirizana ndi mfundoyi. Lidikire mulu wina, kapena litsale ngati silikuyankha funso la kafukufuku.

Mfundo ikapezeka iyenera kuyesedwa. Wofufuza amabwerera ku masamba onse n'kuona kuti mawu a mu mulu uja achokera kwa ndani. Ngati ambiri ndi a M9 yekha chifukwa ndi wolongolola, ameneyo ndi maganizo a munthu mmodzi. Amafufuzanso dala mawu otsutsa. Mwina M11 wanena kuti amagawa ana m'timagulu n'kumva kagulu kamodzi tsiku lililonse, moti pakutha pa sabata mwana aliyense amakhala atamumva. Mawu otere satayidwa. Amathandiza kukonza mfundo kuti inene zoona: mwana amabisika makamaka pamene kalasi yonse ikuyankha pamodzi, ndipo kuchuluka kwa ana pakokha sikukufotokoza zonse.

Nkhani ya chinenero nayo imafunika kusamala. Aphunzitsi athu amasakaniza Chichewa ndi Chingerezi pocheza, pomwe malipoti ambiri amalembedwa m'Chingerezi. Ndi bwino kuika zizindikiro pa mawu monga anayankhulidwira, n'kumasulira pomaliza okhawo olowa mu lipoti, chifukwa womasulira akayamba ndiye, wofufuza amasanthula mawu a womasulirayo.

Njirayi ilinso ndi malire. Aphunzitsi 8 mwa 12 akanena zofanana, chiwerengerocho sichikuimira aphunzitsi a dziko lonse, chifukwa sanasankhidwe kuti aimire onse. Komanso mphunzitsi akaganiza kuti mawu ake afika kwa ahedi kapena kwa mlangizi wa maphunziro, amalankhula mosamala. Lipoti labwino limanena amene anafunsidwa, kumene anafunsidwira, ndipo pansi pa mfundo iliyonse limaika mawu enieni a aphunzitsi angapo, kuti owerenga adziweruzire okha ngati mfundoyo ikuchokeradi m'mawuwo.