Mwamuna akamwalira osalemba wilo, malo amagwera ndani?

Chuma cha masiye sichichedwa kudanitsa anthu. Maliro asanathe n'komwe, achibale a mwamuna amakhala atayamba kale kunong'onezana za poloti ya m'tauni ndi munda wa kudimba, mayi wamasiye ali m'nyumba osadziwa kanthu. Ambiri amene amalandidwa malo motere lamulo limakhala lili kumbali yawo, koma salidziwa.

Tiyerekeze chonchi. Bambo wina wa ku Dedza anakwatira mwa chitengwa, ndiye kuti anamutenga mkazi kukakhala naye kwawo kwa mwamunayo. Anabereka ana atatu, ndipo bamboyo ali ndi mwana winanso amene anaberekera kunja. Wasiya poloti ku Lilongwe, ya lizi, m'dzina lake, ndipo pali nyumba ya lendi. Wasiyanso munda wa maekala awiri kumudzi umene anapatsidwa ndi amalume ake, wosalembetsa kulikonse. Wilo sanalembe. Pa tsiku losesa, mchimwene wa malemuyo akuti zonsezi ndi za kubanja kwawo, mlamu abwerere kwawo.

Musanayambe kukangana za amene adye chumacho, funsani kaye kuti malowo ndi amtundu wanji, chifukwa poloti ndi munda uja siziyenda njira imodzi.

Poloti ya lizi ndi malo a munthu payekha, choncho imagawidwa motsatira lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967. Lamulo lakale lija linkapereka gawo kwa achibale motsatira mwambo. Latsopanoli linatseka khomo limenelo. Munthu akamwalira opanda wilo, oyenera kulandira ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi anthu amene ankadaliradi thandizo lake, monga makolo ake okalamba kapena mwana wamng'ono amene ankamulipirira sukulu. Mchimwene wamkulu amene ali ndi banja lake ndi ntchito yake alibe gawo, ngakhale akhale mwinimbumba. Malume nawonso alibe.

Kagawidwe kake sikongodula pakati ayi. Choyamba, amene ankadalira malemuyo amaonedwa kaye kuti asagwe m'mavuto. Chachiwiri, mayi wamasiye amatsala ndi katundu yense wa m'nyumba: mipando, mabedi, ziwiya. Zimenezi sizilowa m'gulu la zogawana, ndipo amene amabwera ndi lole kudzanyamula sofa akulakwira lamulo. Chotsalacho, pamene pali poloti ija, ndicho chimagawidwa kwa mayi, ana ndi makolo a malemuyo ngati alipo. Ngati palibe chifukwa chapadera, aliyense amalandira gawo lofanana, koma mwana wamng'ono amapatsidwa chochulukirapo chifukwa ulendo wake wa sukulu ukadali wautali. Amaonanso zimene mayiyo anaikapo. Ngati ndalama za geni yake ya tomato ndizo zinagula malata ndi simenti, zimenezo zimawerengedwa, ndiye malisiti ndi mboni n'zofunika kwambiri.

Nanga mwana wakunja uja? Apa amayi ambiri amamva kuwawa, ndipo n'zomveka. Koma pamaso pa lamulo mwana ndi mwana, kaya anabadwira m'banja kaya kunja, wamkazi kaya wamwamuna. Pa poloti ija ndiye kuti pali anthu asanu: mayi ndi ana anayi. Ine ndimaona kuti mayi amene wavomereza zimenezi msanga amadziteteza yekha, chifukwa achibale ofuna kulanda amakonda kubisala kumbuyo kwa mwana amene wasalidwa.

Kukhala woyenera kulandira sikukupatsani mphamvu yogulitsa polotiyo mawa lomwe. Dzina limene lili pa pepala ndi la malemu, ndipo limasintha pokhapokha khoti litapereka kalata yosankha munthu woyendetsa chuma cha masiyecho. Mumayamba ndi chiphaso cha imfa, umboni wa ukwati, mayina a ana onse ndi mapepala a malowo. Ku ofesi ya DC amakuuzani koyambira, ndipo amene alibe ndalama za loya angapite ku Legal Aid Bureau. Woyendetsa chumayo si mwini wake. Ntchito yake ndi kubweza ngongole za malemu, kugawa chotsala, ndi kukasinthitsa dzina ku ofesi ya za malo. Mukaona wachibale akukakamira kusunga mapepala a poloti, kapena wayamba kutolera yekha ndalama za lendi kalatayo isanatuluke, dziwani kuti zinthu zayamba kupotoka. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene munthu angakhale nawo kundende zaka 10, ndipo mungakadandaule kupolisi, ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza.

Tsopano munda wa kumudzi uja, umene ndi wovutirapo. Malo amakolo osalembetsa amatengedwa kuti ndi a mtundu, oyang'aniridwa ndi mafumu, ndipo bamboyo anali ndi ufulu wolimapo chabe. N'chifukwa chake nkhani zake zimayambira kwa ankhoswe ndi kwa amfumu, ndipo mwambo wa deralo umamveka kwambiri. Kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe malo amatsata kuchikazi, choncho ana a chitengwa amauzidwa kuti kwanu ndi kwa amayi anu. Kumpoto ndi kwa Asena, kumene amalowola, malo amatsata kuchimuna, ndipo wotsala pamtetete amakhala mwana wamkazi kapena mayi wamasiye amene wakana kulowedwa chokolo. Mwamuna wachikamwini naye, mkazi akamwalira, amasudzulidwa n'kusiya munda umene waulima zaka makumi awiri.

Pali mfundo imodzi imene mayi wa ku Dedza uja ayenera kuidziwa. Lamulo la 2011 limati kukwatiwanso sikumulanda munthu chuma chimene analandira. Gawo lake pa poloti ya ku Lilongwe ndi lake, akwatiwe asakwatiwe. Koma katundu amene ali pa malo amakolo, monga nyumba ya kumudzi ija, akakwatiwanso amapita kwa ana amene anabereka ndi malemuyo. Onetsetsani: amapita kwa ana, osati kwa alamu.

Chimene chikanamuchotsera mayiyu nkhawa yonse ndi kulembetsa mundawo bamboyo akadali moyo. Lamulo la malo amakolo la 2016 limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo n'kulandira chiphaso. Pempho limapita ku komiti ya za malo ya kwa gulupu, imene wapampando wake ndi agulupu eni ake, ndipo mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi. Malo olembetsedwa motere amasanduka chuma choti munthu angasiyire ana ake kapena kuchilemba mu wilo. Mwamuna ndi mkazi angalembetse limodzi, mayina onse awiri n'kuoneka pa chiphasocho. Pakabuka mkangano, pali bwalo la za malo la kwa mfumu yaikulu, ndipo wosakhutira angapitirire ku bwalo la paboma. Ntchito yolembetsayi sinafike m'madera onse mofanana, ndiye yambani mwafunsa agulupu anu ngati komitiyo ilipo.

Wilo nayo sifuna loya kapena Chingerezi. Munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo, wamutu wabwinobwino, angailembe m'Chichewa, n'kusayina pamaso pa mboni ziwiri zimene zili pomwepo nthawi imodzi, nazonso n'kusayina iye akuona. Mbonizo musankhe anthu amene sakulandira kanthu mu wiloyo. Malowo muwatchule momveka, nambala ya poloti ndi dera lake, ndipo muuze munthu mmodzi wodalirika kumene mwaisunga.