Chaka cha 1, Chaka cha 9: Kodi Manambala Angakuuzeni Nthawi Yotsegula Bizinesi?

Pali anthu amene amakhulupirira kuti moyo wa munthu umayenda mozungulira pa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chaka chilichonse chili ndi ntchito yake. China ndi choyambira zinthu, china ndi chopezera ndalama, china ndi chotsekera zimene zatha. Chikhulupiriro chimenechi ndi nthambi ya nyumeroloje, kapena kuti kuwombeza ndi manambala, ndipo nambala ya chaka imene amakuwerengerani amaitcha chaka cha munthu. Amene amatsatira zimenezi amayamba afunsa nambalayo asanasaine lendi ya shopu kapena kulembetsa sukulu.

Oichita amakonda kunena kuti inachokera kwa Pythagoras, Mgiriki wa pachilumba cha Samos amene anakhalako zaka zoposa 500 Yesu asanabadwe. Nzoona kuti ophunzira ake ankaona manambala ngati maziko a chilengedwe. Koma njira yowerengera dzina ndi tsiku lobadwa imene ikugwiritsidwa ntchito lero ndi yaposachedwa. Inakula ku Amereka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kudzera m'mabuku a mayi L. Dow Balliett, ndipo olemba ena monga Florence Campbell ndi Juno Jordan anaipititsa patsogolo n'kuiika m'dongosolo limene ambiri akutsatira.

Masamu ake ndi osavuta. Mumatenga tsiku limene munabadwa, mwezi umene munabadwa, ndi chaka chimene mukufuna kufunsa. Chaka chimene munabadwa sichilowapo. Nambala iliyonse mumaiphwanya pophatikiza manambala ake mpaka itatsala imodzi yokha, kenako zitatuzo mumaziphatikiza n'kuphwanyanso.

Tiyerekeze mayi wina wodziwa kusoka amene anabadwa pa 14 Malichi. Wasunga kandalama kokwanira makina awiri ndi nsalu, ndipo akufuna kutsegula shopu yosoka mayunifomu a ana asukulu mu 2026. Tsiku lake, 14, limakhala 1 + 4 = 5. Malichi ndi mwezi wachitatu, choncho ndi 3. Chaka cha 2026 chimakhala 2 + 0 + 2 + 6 = 10, ndipo 1 + 0 = 1. Tikaphatikiza 5 + 3 + 1 tipeza 9. Mayiyu, malinga ndi owerenga manambala, ali m'chaka cha 9. Mu 2027 adzalowa m'chaka cha 1, n'kuyambiranso mzere wonse.

Tanthauzo la manambalawa silisiyana kwambiri m'mabuku awo. Chaka cha 1 amati n'chobzala: yambani, lembetsani kampani, sinthani ntchito. Cha 2 n'cha kudekha ndi kufuna anzanu ogwirizana nawo, cha 3 n'chodzionetsa kwa anthu. Cha 4 n'cha thukuta ndi kumanga maziko, cha 5 n'cha kusintha ndi maulendo, pomwe cha 6 chimapita ku banja ndi udindo wa pakhomo. Chaka cha 7 ndicho amachiyamikira pa maphunziro ndi kulingalira, ndipo amachenjeza kuti si chothamangira malonda. Cha 8 amati n'cha ndalama ndi ulamuliro. Cha 9 n'chomaliza: bwezani ngongole, siyani zimene sizikuyenda, musayambe chachikulu. Ndiye telala wathu uja akapita kwa wowerenga manambala, yankho lake likhala loti adikire.

Asanabweze makinawo m'katoni, pali funso limene akuyenera kufunsa: chaka cha 9 chimenechi chikuyamba liti? Apa eni akewo sagwirizana. Ambiri amati chaka cha munthu chimayamba pa 1 Januwale n'kutha pa 31 Disembala. Ena amati chimayamba pa tsiku lobadwa. Kusiyana kumeneku si kwakung'ono. Mu Febuluwale 2026, kwa gulu loyamba mayiyu ali kale m'chaka cha 9, chosayenera kuyamba kanthu. Kwa gulu lachiwiri sanafike pa 14 Malichi, choncho akugwiritsabe ntchito 2025, imene ndi 2 + 0 + 2 + 5 = 9. Phatikizani 5 + 3 + 9, mupeza 17, ndipo 1 + 7 = 8. Ali m'chaka cha ndalama, chimene amachitama pa bizinesi. Munthu mmodzi, mwezi umodzi, malangizo awiri otsutsana. Kwa wobadwa mu Disembala, magulu awiriwa amasiyana pafupifupi chaka chathunthu.

Vuto lina lili mu kalendala. Nambala 2026 sinalembedwe kumwamba. Kuwerenga zaka kuchokera pa kubadwa kwa Yesu kunayambitsidwa ndi mmonke wina, Dionysius Exiguus, mu 525, ndipo akatswiri ambiri a mbiri amati anaphonya ndi zaka zingapo. Kalendala imene tapachika m'nyumba zathu inakonzedwa ndi Papa Gregory XIII mu 1582. Ku Ethiopia ali ndi yawo: chaka chawo chimayamba mu Sepitembala, ndipo miyezi yoyambirira ya 2026 kwa iwo ndi 2018. Mukawerengera munthu wa ku Addis Ababa ndi kalendala yake, nambala imatuluka ina. Nanga agogo athu ambiri amene sadziwa tsiku lenileni limene anabadwa, amangokumbukira kuti inali nthawi yokolola kapena chaka cha njala, tiwawerengere ndi tsiku liti? Limene linalembedwa pa chiphaso mongoyerekeza?

Taganizaninso izi. Manambala ndi asanu ndi anayi okha, choncho pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu asanu ndi anayi alionse ali m'chaka chimodzi ndi inu. Mu 2026, wobadwa pa 14 Malichi ali limodzi ndi wobadwa pa 5 Malichi, pa 23 Malichi, pa 7 Januwale ndi pa 6 Febuluwale. M'gulu limeneli muli mwana wa sitandade 3, wopuma pantchito, wodwala m'chipatala ndi mwini mabasi. Onsewa akuuzidwa kuti chino n'chaka chotseka zinthu.

Komabe n'chifukwa chiyani anthu anzeru zawo amati zimawachitikiradi? Sikuti akunama. Mu 1948 katswiri wa maganizo a anthu ku Amereka, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake pepala limene anati likufotokoza khalidwe la aliyense payekha. Ophunzirawo analipatsa malikisi apamwamba, oposa 4 mwa 5, kuti lawafotokoza bwino. Pambuyo pake anawauza kuti onse analandira mawu ofanana ndendende. Mawu okuluwika amalowa paliponse. Palibe chaka chimene munthu sataya kanthu, sayamba kanthu, sakangana ndi m'bale kapena kulandira kandalama kosayembekezera. Mukauzidwa kuti muli m'chaka cha 9, maso anu amatola chilichonse chimene chatha n'kudumpha zimene zayamba. Shopu ikagwa m'chaka cha 8, wowerengayo ali ndi pothawira: amati 8 imapatsa ndiponso imalanda. Yankho loti zikayenda ndi nambala, zikapanda kuyenda ndi nambala yomweyo, simungaliyese ndi chilichonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si kuwerengako. Ndi mtengo wa kudikira, umene sulowa m'masamu a manambalawa. Tibwerere kwa telala uja. Mayunifomu ali ndi nyengo yake. Sukulu zathu zimatsegulira chaka chatsopano mu Sepitembala, ndipo makolo amathamangira kwa atelala mu Ogasiti. Amene akufuna msika umenewu ayenera kukhala atagula nsalu, atalankhula ndi akuluakulu a sukulu ndiponso atasoka zoonetsa pofika Juni kapena Julayi, pamene anthu akumudzi agulitsa zokolola ndipo ndalama ili m'manja. Mayiyu akamvera zoti adikire chaka cha 1, atsegula mu Januwale 2027, mvula ili pakati, ndalama zonse zapita ku feteleza, chimanga chakwera mtengo, ndipo ana avala kale mayunifomu osokedwa ndi wina. Nambala yamupatsa chaka chabwino, koma yamuika m'mwezi woipitsitsa pa malonda ake. Nyengo ya Ogasiti 2026 yapita osabwerera, pamodzi ndi makasitomala amene akanamudziwa.

Ndalama nayo siidikira mwini wake. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Munthu amene anali ndi K1,000,000 yogulira katundu wochokera kunja akanapeza madola pafupifupi 850 lisanafike tsikulo. M'mawa mwake ndalama yomweyo inali madola osakwana 600. Makina osokera, ulusi ndi nsalu zambiri zimachokera kunja. Mpamba wogona m'bokosi podikira nambala yabwino umachepa uli chigonere. Ndipo mayi wathuyu ali ndi mwayi kuti akungodikira miyezi. Amene ali m'chaka cha 2 n'kuumirira kuyamba m'chaka cha 1 adikira zaka zisanu ndi zitatu.

Pa maphunziro mfundoyi imagwa msanga. Chaka cha 7 chimabwera kamodzi pa zaka zisanu ndi zinayi, pomwe digiri imatenga zaka zinayi. Woyamba m'chaka cha 7 adzakhala m'kalasi m'chaka cha 8, cha 9 ndi cha 1, kutanthauza kuti adzalemba mayeso m'chaka chimene amati n'chosiya zinthu. Woyamba m'chaka cha 1 adzamaliza m'chaka cha 4 osachigunda n'komwe chaka chamaphunzirocho. Komanso malo a ku yunivesite kapena ku koleji ya zaluso ali ndi tsiku lotsekera, thandizo la fizi lili ndi malire a zaka, ndipo malume amene walonjeza kulipira chaka chino sitidziwa ngati mawa adzakhala akadali pantchito.

Sindikunena kuti m'mabuku amenewa mulibe chotola. Mafunso amene amabwera ndi chaka cha 9 ndi abwino kwa aliyense wofuna kuyamba bizinesi. Kodi ngongole ya ku banki m'khonde yatha? Kodi pali malonda akale amene akungodya mpamba? Kodi mnzanu amene munkagawana naye phindu mwasiyana naye momveka bwino? A chaka cha 4 nawonso ndi othandiza: buku lolembamo zolowa ndi zotuluka lilipo? Koma mafunsowa telala uja angathe kuwayankha sabata ino, ndipo akuyenera kuwayankha kaya nambala yake ndi 9, 8 kapena 3.

Chizindikiro choti nkhani yafika poipa n'chosavuta kuchiona. Wowerenga manambala akayamba kukuuzani kuti musalembetse sukulu imene yakuitanani kale, akafuna ndalama ina yoti akonze chaka choipa, kapena akamasintha kawerengedwe mukamuuza kuti zimene ananena sizinachitike, dziwani kuti wasiya kukuthandizani kuganiza. Mungathenso kumuyesa nokha. Lembani zinthu zazikulu zimene zinakuchitikirani m'zaka zisanu ndi zinayi zapitazi musanawerenge nambala iliyonse. Kenako patsani mnzanu mndandandawo pamodzi ndi matanthauzo a zaka zija, mutabisa madeti, kuti alozere chaka cha 1, cha 7 ndi cha 8. Mukatero werengani manambala anu, muone kuti walondola zingati.