Simu yokha siisamutsa katundu wa mufoni

Ambiri akagula foni yatsopano amangochotsa simu m'foni yakale n'kuilowetsa m'yatsopanoyo, poganiza kuti zonse zasamuka. Simu imasunga manambala ochepa chabe, kawirikawiri osapitirira 250, ndipo zithunzi kapena macheza a pa WhatsApp siisunga ngakhale pang'ono.

Tiyerekeze kuti mukuchoka pa Tecno kupita pa Samsung, zonse za Android. Yambani ndi manambala. M'foni yakale tsegulani Contacts muone komwe manambala anu amasungidwa: pa simu, m'foni momwemo, kapena pa akaunti ya Google. Onse akhale pa Google. Kuti mutsimikize, tsegulani contacts.google.com muone ngati mayina amene munasunga posachedwa alimo. Onetsetsaninso kuti pasiwedi ya akauntiyo mukuidziwa, chifukwa ambiri anachita kutsegulilidwa ndi amene anawagulitsa foni.

Zithunzi zojambula ndi kamera zimakhala mu foda ya DCIM. Ikopereni pa memore khadi kapena pa kompyuta. Google Photos nayonso imathandiza, koma malo aulere ndi 15 GB basi, ndipo bandulo imatha msanga potumiza mavidiyo.

Pamene anthu amalirira kwambiri ndi pa WhatsApp, pomwe pali mauthenga a makasitomala, maumboni a ndalama, ngakhale mawu a abale amene anatisiya. M'foni yakale pitani ku Settings, Chats, Chat backup, mudine Back up, ndipo mudikire mpaka tsiku ndi nthawi zolembedwa pamenepo zisonyeze lero. Zikapanda kusintha, mwina netiweki yadula kapena malo a Google adzadza, pakuti kuyambira 2024 macheza osungidwawa amadya nawo 15 GB ija.

M'foni yatsopano lowetsani kaye akaunti yomweyo ya Google, kenako WhatsApp, ndi nambala yomweyo. Mukalemba manambala 6 obwera pa uthenga, idzakufunsani ngati mukufuna kubwezeretsa macheza. Dinani Restore. Funsoli limabwera kamodzi kokha. Mukalidumpha, chotsani WhatsApp nthawi yomweyo n'kuiikanso, foni isanasunge macheza atsopano opanda kanthu pamwamba pa akale aja.

Ngati bandulo yavuta, pali Transfer chats, pansi pa Chats pomwepo. Mafoni awiriwo amagundizana, Wi-Fi yoyatsa, batire yodzadza; yakale imajambula chizindikiro cha QR chimene chaoneka pa yatsopano, macheza n'kuwoloka osadya bandulo. Kwa ife a kuno, njira yabwino ndi imeneyi.

Foni yakale musafulumire kuigulitsa kapena kupatsa mwana. Isungeni sabata imodzi, mukufufuza mayina, zithunzi ndi magulu anu. Mukakhutira, chotsanimo akaunti yanu ya Google, kenako muifufute yonse ndi Factory reset, kuopa kuti woilandirayo angaipeze yokhoma ikufuna pasiwedi yanu.