Wina akatsegula mpopi, bwanji shawa imafooka?

M'nyumba zambiri zam'tauni mkangano wam'mawa ndi womwewo. Wina ali m'bafa, sopo thupi lonse, kenako mwana wagejemula kuchimbudzi kapena mayi atsegula mpopi wakukhitchini, basi shawa yayamba kudontha. Ambiri amathamangira kuloza chala a zamadzi kuti achepetsa madzi. Nthawi zina ndi zoona, koma kawirikawiri vuto limakhala mkati mwa mpanda momwemo, m'mapaipi a nyumbayo.

Kodi chimachitika n'chiyani m'paipimo?

Madzi onse a panyumba amalowera paipi imodzi, kuchokera pamita kapena pathanki, kenako n'kugawikana kupita kukhitchini, kuchimbudzi ndi kubafa. Mipopi yonse ikakhala yotseka, mphamvu yokankha madzi, imene mapulambala amaitcha pulesha, imakhala yokwanira. Madzi akangoyamba kuyenda amakhulana ndi makoma a paipi, ndipo kukhulanako kumadya gawo la mphamvuyo. Pokhota paliponse ndi pa valavu iliyonse pamatayikanso ina.

Chovuta n'chakuti kutayikako kumakula mofulumira kuposa madziwo. Madzi odutsa m'paipi akachuluka kawiri, mphamvu yotayika imachuluka katatu ndi kupitirira, pafupifupi kanayi. Motero mpopi wachiwiri sungotenga gawo lake la madzi ayi. Umachititsanso kuti paipi yomwe onse akudalira imeze pulesha yambiri madzi asanafike pogawikana.

Nanga bwanji shawa ndi imene imavutika kwambiri?

Chifukwa ili pamwamba. Kamutu ka shawa kamakhala pafupifupi mamita 2 kuchokera pansi, pomwe kathanki ka chimbudzi ndi mpopi wapanja zimalandira madzi m'munsi, nthawi zambiri osafika mita imodzi. Madzi amatuluka mochuluka kumene kulibe chitunda, monga amachitira m'ngalande ya kudimba ukatsegula mzere wakumunsi. Komanso timabowo ta shawa timafuna kukankhidwa bwino kuti madzi awaze, pomwe mpopi wamba umangotulutsa ngakhale pulesha ili yochepa.

Kodi kukula kwa paipi kuli ndi kanthu?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tiyerekeze nyumba imene ili ndi thanki pansanja, madzi ake ali mamita 5 kuchokera pansi. Shawa ili pa mamita 2, ndiye kuti mphamvu yokankha madzi pashawapo ndi ya mamita 3 okha. Mamita 10 a kutalika kwa madzi amapereka pafupifupi 100 kPa, choncho nyumbayi ili ndi 30 kPa basi, yomwe ndi yochepa ndithu.

Tinene kuti womanga anakoka paipi ya hafu inchi, ya mamilimita 15 mkati, mtunda wa mamita 15 kuchoka pathanki kufika pogawikana. Shawa yokha ikamakoka malita 8 pamphindi, paipiyo imadya mphamvu yotsala pang'ono kukwana mita imodzi, ndipo mamita awiri otsalawo amakwanira kusamba bwinobwino. Tsopano wina wagejemula, kathanki kakufunanso malita 8 pamphindi. Kuti malita 16 adutse m'paipi yomweyo pangafunike pafupifupi mamita atatu onse aja, osatsala kanthu. Zimenezo sizingatheke, choncho shawa ndi chimbudzi zimagawana madzi operewera, ndipo shawa, pokhala pamwamba, imatsala ndi zochepa mpaka kathanki ka malita 6 kapena 9 katadzaza.

Mtunda womwewo ukakokedwa ndi paipi ya filikota, ya mamilimita 20 mkati, malita 16 aja amadutsa atangotaya mphamvu yosakwana mita imodzi. Wosambayo mwina sangadziwe n'komwe kuti wina walowa kuchimbudzi. N'zomvetsa chisoni kuti ambiri pomanga amapulumutsa ndalama pang'ono pogula hafu inchi nyumba yonse, kenako n'kuvutika zaka zambiri, mapaipi atakwiriridwa kale m'khoma. Ogula mapaipi apulasitiki a PPR asamalenso: nambala yolembedwa papaipi ndi kukula kwa kunja, ndipo makoma ake ndi okhuthala, moti ya 20 mkati mwake imangofanana ndi hafu inchi.

Nanga nyumba imene kale inalibe vutoli?

Pamenepo china chake chatsekeka. Mapaipi achitsulo akale amachita dzimbiri mkati, njira n'kumapapatira chaka ndi chaka. Chizindikiro chake ndi madzi ofiirira poyamba kutsegula m'mawa. Mwinanso valavu yapamita inasiyidwa yotseguka mwatheka wina atakonza mpopi, kapena kasefa kapamita kadzaza mchenga, makamaka madzi akabwera atasowa kwa masiku. Kamutu ka shawa nakonso kamatsekeka ndi zoyera zouma za m'madzi, makamaka a pachitsime chokumba ndi makina. Kukanyika m'viniga usiku umodzi kumatsegula timabowoto.

Kodi munthu angadziwe bwanji pamene pali vuto?

Chidebe cha malita 10 ndi wotchi ya pafoni n'zokwanira. Ayambe ndi mpopi woyandikira kwambiri mita, mipopi ina yonse ili yotseka. Ngati chidebe chadzaza m'masekondi 30, ndiye kuti akulowa malita 20 pamphindi, okwanira shawa ndi chimbudzi nthawi imodzi, ndipo vuto lili m'mapaipi a m'nyumba. Ngati chatenga mphindi yathunthu kapena kupitirira, madzi akuperewera polowa pomwe. Apo ayang'ane valavu yapamita ndi kufunsa oyandikana nawo. Ngati onse akudandaula chimodzimodzi, nkhaniyo ndi ya bungwe la madzi, ndipo mita siyofunika kuimasula yekha.

Kenako ayeze pashawa kawiri, poyamba yokha, kachiwiri mpopi wakukhitchini uli wotsegula. Ndi bwino kuyeza m'mawa ndi usiku, chifukwa nthawi imene aliyense akutunga pulesha imatsika m'dera lonse. Izi zimamveka kwambiri m'malo okwera, monga mu Blantyre, kumene madzi ambiri amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pamtsinje wa Shire kukwera mtunda mpaka mumzinda.

Bwanji nthawi zina madzi amasanduka otentha mwadzidzidzi?

Izi ndiye zoopsa, osati zongotopetsa. Chimbudzi chimakoka madzi ozizira okha. Ozizira akachepa pashawa, otentha a m'giza amapitirira kubwera, ndipo giza nthawi zambiri amatchera pa madigiri 60 kapena kuposa, kutentha kokwanira kuwotcha khungu m'masekondi ochepa, makamaka la mwana kapena nkhalamba. Pulambala wodziwa ntchito amaonetsetsa kuti madzi ozizira a kushawa atengedwe atadutsa kale valavu yochepetsa pulesha ya giza, kuti mbali zonse ziwiri zikhale ndi mphamvu yofanana. Palinso mipopi yosakanizira madzi imene imadziwongolera yokha mbali imodzi ikafooka.

Ayambire pati pokonza?

Ayambe ndi zosalira ndalama. Kavalavu kolowetsa madzi m'kathanki ka chimbudzi akakatsekako pang'ono, kathankiko kamadzaza mochedwerapo koma shawa imapuma. Atsegule valavu yapamita mpaka kumapeto, atsuke kamutu ka shawa.

Zikakanika, asinthe paipi yaikulu yokha, kuchokera pamita kapena pathanki kufika pogawikana, ikhale filikota kapena inchi imodzi, nthambi zipitirire ndi hafu inchi. Njira ina ndi kupatsa shawa paipi yakeyake kuchokera pathanki. Kukweza nsanja ndi mita imodzi kumawonjezera pafupifupi 10 kPa, koma nsanjayo ikhale yolimba, chifukwa malita 1,000 a madzi amalemera tani imodzi. Pampu ikhale chinthu chomaliza, ndipo iikidwe potuluka pathanki, osati kukoka mwachindunji papaipi ya bungwe la madzi, pomwe imalanda madzi a oyandikana nawo ndipo ingathe kuyamwa madzi akuda kudzera m'malo amene mapaipi akudontha.